Kusintha kapena kufafaniza wilo: ndi liti pamene kodisilo ikwanira?

CHADIZA – Munthu amene analemba wilo zaka zapitazo ali ndi ufulu woisintha kapena kuifafaniza nthawi iliyonse pamene ali moyo ndipo mutu wake ukugwira bwino nchito. Koma lamulo la Zambia lili ndi njira zake zocitira zimenezi, ndipo amene waphonya njirazo amasiya wilo yakale ili ndi mphamvu, ngakhale kuti mumtima mwake anali ataitaya kale.

Nkhaniyi ikhudza kwambiri madera monga a Mfumu Pembamoyo, cakum'mawa kwa Chadiza, kumene mabanja ambiri ndi Acewa otsata mwambo wa kucikazi. Pa mwambo umenewu ana a mlongo wa mwamuna amakhala ndi mau pa cuma ca malume awo, pamene mkazi ndi ana a womwalirayo nawonso amayembekezera gawo lawo. Wilo yomveka bwino imathetsa mkangano wotere. Wilo yosinthidwa molakwika imauyambitsa.

Malamulo awiri amene akhudza nkhaniyi anakhazikitsidwa m'caka ca 1989. Loyamba ndi lamulo la mawilo, lomwe lili pa Mutu 60 wa malamulo a Zambia. Laciwiri ndi lamulo logawa cuma ca munthu amene wamwalira osasiya wilo, lomwe lili pa Mutu 59. Malamulowa sagwira nchito pa minda ya makolo imene ili m'manja mwa mafumu, coteronso wilo siisintha mwambo woyendetsera minda yotere. Cimene wilo imagawa ndi cuma ca munthu mwini, monga ng'ombe, cigayo, ndalama za ku banki, kapena nyumba ya pa puloti ya taitolo.

Lamulo limodzi pa zonse

Mfundo yaikulu ndi yakuti kusintha wilo kumafuna dongosolo lomwelo limene linafunika poilemba. Wilo iyenera kukhala yolembedwa. Mwini wake ayenera kusaina kumapeto kwake, kapena kudinda cala ngati sadziwa kulemba, pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo pa nthawi imodzi. Mbonizo nazonso ziyenera kusaina iye akuona. Ngati mwini wilo ndi wosaona kapena wosadziwa kuwerenga, munthu wina ayenera kumuwerengera ndi kumufotokozera zonse, kenaka n'kulemba pa wiloyo kuti wacita zimenezi ndiponso kuti mwini wakeyo anaoneka kuti wamvetsa.

Cifukwa ca dongosololi n'cosavuta kumva. Pa nthawi imene wilo ikuwerengedwa, mwini wake amakhala ali kumanda ndipo sangafunsidwe. Khoti limadalira pepala ndi mboni cabe. Cikanakhala kuti mzere uliwonse wa bolopeni umasintha wilo, munthu aliyense amene wapeza pepalalo m'sutikesi akanatha kudzilembera ng'ombe.

N'cifukwa cake mau a pakamwa sakwanira. Bambo angaitane abale onse, ngakhale pamaso pa nyakwawa, n'kunena kuti cigayo sicidzapitanso kwa mwana woyamba koma kwa waciwiri. Akamwalira asanalembe zimenezi mwa dongosolo, khoti lidzatsata zimene zili m'wilo. Lamulo linasiya khomo laling'ono kwa asilikali amene ali pa nchito ya nkhondo ndi kwa munthu amene wadwala kapena kuvulala kwakuti wataya ciyembekezo ca moyo ndipo wamwaliradi ndi vutolo. Otere angasiye mau awo pakamwa pamaso pa mboni ziwiri. Koma mau a pa mphasa ya imfa ndi amene abale amakanganirana koposa, ndipo munthu wamoyo wathanzi sayenera kuwadalira.

Njira zitatu zofafanizira wilo

Njira yoyamba, yomwenso ndi yodalirika koposa, ndiyo kulemba wilo yatsopano imene ikunena poyera kuti yakaleyo yafafanizidwa. Mau ake amakhala pa ndime yoyamba, ndipo amakamba kuti mwini wake wafafaniza mawilo onse ndi makodisilo onse amene analemba kale. Wilo yatsopano ikasowa mau amenewa, yakale siifa yonse. Khoti limawerenga ziwirizo pamodzi, ndipo yatsopano imapambana pokhapo pamene zikutsutsana. Zimene yatsopanoyo sinakhudze zimatsalabe monga zinalili m'yakale, ngakhale mwini wake anali ataziiwala.

Njira yaciwiri ndiyo kulemba kalata yongonena kuti wilo yafafanizidwa, popanda kugawa cuma mwa njira ina. Kalatayi nayonso imafuna kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Zotsatira zake n'zakuti munthuyo amakhala wopanda wilo, ndipo akamwalira cuma cake cimagawidwa motsata lamulo la pa Mutu 59.

Njira yacitatu ndiyo kuononga pepala la wilo, politentha, kuling'amba kapena kuliononga mwa njira ina. Apa pamafunika zinthu ziwiri pamodzi: pepalalo lionongedwedi, ndipo mwini wake akhale ndi colinga cofafaniza wiloyo. Cimodzi popanda cinzake sicikwanira. Wilo imene yadyedwa ndi ciswe kapena yapsa pamene nyumba inagwira moto siinafafanizidwe, pakuti mwini wake sanafune. Komabe ayenera kulemba ina mwamsanga, cifukwa kutsimikizira khoti zimene zinali pa pepala lotayika ndi nchito yaikulu.

Wilo imene mwini wake anaida koma sanaiononge ikadali ndi mphamvu. Makhoti a ku Zambia amayang'ananso zigamulo zakale za ku Mangalande pa nkhani za mawilo, ndipo cimodzi codziwika bwino ndi mlandu wa Cheese ndi Lovejoy wa m'caka ca 1877. Mwini wilo anakhwaca mizere ina, analemba kumbuyo kwake kuti zonsezi zafafanizidwa, n'kuiponya pa mulu wa mapepala otaya. Wanchito wa m'nyumbamo anaitola n'kuisunga. Patapita zaka, mwini wakeyo atamwalira, khoti linagamula kuti wiloyo inali ndi mphamvu, cifukwa pepalalo silinaonongedwe ndipo mau amene analemba kumbuyo analibe mboni.

Munthu wina angaononge wilo m'malo mwa mwini wake, koma pokhapo ngati mwini wakeyo walamula ndipo zikucitika pamaso pake. Wodwala amene ali m'cipatala ku Chipata akatumiza uthenga pa lamya kuti mkazi wake kumudzi atenthe wilo, lamulo siliona kuti wiloyo yafafanizidwa. Cimodzimodzinso kung'amba fotokope pamene pepala lenileni losainidwa lili kwa loya kapena ku banki sikusintha kanthu.

Kukhwaca ndi bolopeni

Colakwa cimene cimacitika kawirikawiri ndi kukonza wilo ndi bolopeni itasainidwa kale. Munthu amakhwaca dzina n'kulemba lina pamwamba, kapena amasintha nambala ya ng'ombe. Lamulo silivomereza kusintha kotere pokhapo ngati mwini wilo ndi mboni ziwiri asaina pambali pa malo osinthidwawo, monga mmene anacitira pa wilo yonse.

Ngati sanasaine, mau atsopanowo amatayidwa. Mau akale akakhala kuti akuwerengekabe pansi pa mzerewo, khoti limatsata akalewo. Akakhala kuti afufutidwa kwakuti palibe angawawerenge, malowo angatengedwe ngati opanda kanthu, ndipo amene anayenera kulandira amayamba kusakasaka umboni wa zimene zinalembedwa poyamba. Motero bolopeni imalephera kubweretsa catsopano, ndipo nthawi zina imaononga ndi cakale comwe.

Kodisilo ndi ciani?

Kodisilo ndi kalata yaifupi imene imaonjezera, kucotsa kapena kusintha mbali ina ya wilo, n'kusiya zina zonse monga zilili. Siiima payokha. Imawerengedwa pamodzi ndi wilo ngati kuti ndi cikalata cimodzi. Ngakhale ikhale ya mizere isanu, imafuna kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Mbonizo zingakhale zina, sikuti mpaka zikhale zomwe zija zinasaina wilo yoyamba.

Pofuna kuona pamene kodisilo ikwanira ndi pamene siikwanira, nkhaniyi itenga citsanzo congoyerekezera ca mlimi wa m'dera la Pembamoyo amene analemba wilo m'caka ca 2016. Pa ndime 2 anasankha mng'ono wake kukhala woyendetsa cuma cake akadzamwalira, amene ambiri amamucha adiminisitireta. Pa ndime 3 anapereka nyumba ya pa puloti ya taitolo ku boma la Chadiza kwa mkazi wake ndi ana ake atatu. Pa ndime 4 anapereka cigayo kwa mwana woyamba. Pa ndime 5 anapereka K5,000 kwa mphwake, mwana wa mlongo wake. Pa ndime 6 ananena kuti ng'ombe zake zonse zigawidwe mofanana kwa ana atatuwo, ndipo anawachula maina. Pa ndime 7 anapereka zotsala zonse kwa mkazi wake, amenenso anamuchula dzina.

M'caka ca 2021 mng'ono uja wamwalira. Pa nthawi yomweyo mlimiyo akuona kuti K5,000 yacepa mphamvu ndipo akufuna kuti mphwake adzalandire K8,000. Zosinthazi ndi ziwiri cabe, ciliconse cili pa ndime yakeyake, ndipo palibe cimene cikusokoneza magawo a anthu ena kupatulapo kuti zotsala za pa ndime 7 zicepa ndi K3,000. Apa kodisilo ikwanira.

Kalatayo ingayambe motere: “Ine uje, wa m'mudzi wakutiwakuti, nambala ya citupa canga ca dziko yakutiyakuti, ndikulemba kodisilo yoyamba ya wilo yanga imene ndinasaina pa tsiku lakutilakuti m'caka ca 2016.” Kenaka ipitirize: “Ndikucotsa ndime 2, ndipo m'malo mwake ndikusankha uje kukhala woyendetsa cuma canga. Pa ndime 5 ndikucotsa K5,000 ndi kuikapo K8,000. Zina zonse za m'wilo yanga ndikuzitsimikiza monga zilili.” Pansi pake pakhale tsiku, siginecha ya mwini wake, ndi maina, malo okhala ndi masiginecha a mboni ziwiri.

Mbali iliyonse ya kalatayi ili ndi nchito yake. Kuchula tsiku la wilo kumathandiza khoti kudziwa wilo imene ikusinthidwa, makamaka ngati munthuyo analembapo zoposa imodzi. Kuchula nambala ya ndime kumaletsa mkangano wa malo amene akhudzidwa. Mau akuti “ndikucotsa” ndi “m'malo mwake” ndi ofunika kwambiri pa ndalama. Mlimiyo akangolemba kuti akupereka K8,000 kwa mphwake osanena kuti K5,000 yacotsedwa, mphwakeyo angapite ku khoti kukapempha zonse ziwiri, zomwe ndi K13,000.

Mau omaliza otsimikiza zina zonse nawonso ali ndi kulemera kwake. Amaonetsa kuti pa tsiku limenelo mwini wake anaiwerenganso wilo yonse ndi kuivomereza. Conco munthu asalembe mauwa asanaiwerengedi, pakuti akutsimikiza ndi zolakwa zimene zingakhalemo.

Kusankha mboni kumafuna cisamaliro. Munthu amene akulandira kanthu m'kalatayo sayenera kukhala mboni, cifukwa angataye mphatso yake. M'citsanzo cino mphwake uja asasaine monga mboni, ndipo n'kwanzeru kupewanso mkazi kapena mwamuna wa aliyense wolandira. Mphunzitsi, mkulu wa mpingo kapena mnansi amene alibe gawo pa cumaco ndi mboni zabwino, makamaka akakhala ocepa msinkhu poyerekeza ndi mwini wilo, kuti adzapezeke pamene khoti lidzawafuna.

Kodisilo isungidwe m'envulopu imodzi ndi wilo. Ikatayika, wilo yakale imagwira nchito ngati kuti sinasinthidwe, ndipo palibe angadziwe. Pamenepa ndi pamene kodisilo ili yofooka: wacibale amene sakondwa nayo angaicotse mosavuta, wilo n'kuoneka yathunthu. N'cifukwa cake woyendetsa cuma ayenera kuuzidwa kuti kodisilo ilipo ndiponso kumene yasungidwa. Mapepalawo asalumikizidwe ndi mapini, cifukwa zipsera za pini pa wilo zimacititsa akhoti kufunsa ngati panali pepala lina limene lacotsedwa.

Pamene kodisilo siikwanira

Citsanzo cija cipitirire mpaka m'caka ca 2024. Mkazi wa mlimiyo anamwalira, iye wakwatiranso ndipo m'banja latsopanoli mwabadwa mwana. Cigayo anagulitsa n'kutsegula kagolosale. Ng'ombe zimene zinali 12 zatsala 7 cifukwa ca matenda. Amai ake om'bereka akali moyo. Tsopano pafupifupi ndime iliyonse ya wilo ya 2016 yakhudzidwa, ndipo n'kofunika kuona zimene zingacitike atamwalira osaisintha.

Ndime 4 yafa. Mphatso ya cinthu cochulidwa dzina imatha ngati cinthuco palibenso pa tsiku la imfa. Mwana woyamba sangatenge golosale m'malo mwa cigayo, ndipo sangapemphe ndalama zimene cigayoco cinagulitsidwa. Bambo ake ankafuna kumusiyira cinthu comupatsa ndalama tsiku ndi tsiku, koma iye adzatsala ndi gawo lake la ng'ombe ndi nyumba, pamodzi ndi gawo lake la zotsala cabe.

Ndime 6 ikugwirabe nchito pa ng'ombe 7 zimene zatsala, pakuti wilo imagawa cuma cimene cilipo pa tsiku la imfa. Koma ikuchula ana atatu ndi maina awo, conco khanda lija lilibe gawo. Cimodzimodzinso pa nyumba ya ku Chadiza, mkazi watsopano ndi mwana wake sanachulidwe, ngakhale kuti mwina ndi amene akukhalamo.

Ndime 7 ndiyo ibweretsa vuto lalikulu. Amene anayenera kulandira zotsala anamwalira kale, motero mphatsoyo ilibe mwini. Zotsalazo, kuphatikizapo golosale, zigawidwa ngati kuti panalibe wilo. Lamulo la pa Mutu 59 limapereka magawo 20 pa 100 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, magawo 50 kwa ana, magawo 20 kwa makolo ndi magawo 10 kwa ena amene ankadalira womwalirayo. Ngati zotsalazo zikwana K40,000, mkazi alandira K8,000, ana onse anai agawana K20,000 molingana ndi misinkhu ndi zosowa zawo za sukulu, amai ake alandira K8,000, ndipo odalira ena agawana K4,000. Kuti ndalamazi zigawike, golosale ingafunike kugulitsidwa.

Mkazi ndi mwana amene asiyidwa kunja sakhala opanda cocita. Lamulo la mawilo limalola munthu amene ankadalira womwalirayo kupempha Khoti Lalikulu kuti limupatse gawo loyenera, ngati wilo siinamuganizire ndipo zimenezi zimuika pa mavuto. Koma njirayi imafuna maulendo a ku Chipata, ndalama ndi nthawi, ndipo imaika mkazi wamasiye pa mlandu ndi ana a mwamuna wake.

Mlimiyo angayese kukonza zonsezi ndi kodisilo yaciwiri, koma ingafunike kusintha ndime 3, 4, 6 ndi 7, pamwamba pa ndime 2 ndi 5 zimene zinasinthidwa kale. Wowerenga angafunike kuyala mapepala atatu ndi kulondola ndime iliyonse kuti adziwe mau amene atsala ndi mphamvu. Pamenepo kulemba wilo yatsopano n'kwapafupi ndiponso n'kotetezeka.

Muyeso wake ndi wotere. Kodisilo imayenera pamene cosintha ndi cimodzi kapena ziwiri, cingalozedwe pa ndime yake, ndipo sicisuntha magawo akuluakulu. Kusintha woyendetsa cuma, kukweza kapena kutsitsa mphatso ya ndalama, kuonjezera mphatso yaing'ono monga njinga, kapena kusankha wina wolera ana aang'ono, zonsezi zimakwanira pa kodisilo. Wilo yatsopano imafunika pamene banja lasintha cifukwa ca ukwati, kutha kwa ukwati, imfa ya wolandira wamkulu kapena kubadwa kwa mwana. Imafunikanso pamene cuma cacikulu cagulitsidwa kapena cagulidwa, pamene ndime ya zotsala ikusintha, ndiponso pamene pali kale kodisilo imodzi kapena ziwiri.

Pali cifukwa cinanso cosankhira wilo yatsopano. Kodisilo imawerengedwa pamodzi ndi wilo, conco aliyense amaona zimene zinalipo poyamba. Mwana amene gawo lake lacepetsedwa amaona ndi maso ake zimene akanalandira ndi tsiku limene zinacotsedwa, ndipo n'kosavuta kuti ayambe kunena kuti mkazi watsopano ndiye anakakamiza bambo ake. Wilo yatsopano imangoonetsa maganizo omaliza a mwini wake.

Dongosolo posintha

Amene wasankha kulemba wilo yatsopano ayambe wasaina yatsopanoyo pamaso pa mboni, kenaka aononge yakale pamodzi ndi makodisilo ake ndi mafotokope onse. Akayamba ndi kung'amba yakale, n'kumwalira asanamalize yatsopano, abale adzakangana ngati wasiya wilo kapena ai. Khoti lingagamule kuti kung'ambako kunadalira wilo yatsopano imene siinatheke, n'kuukitsa yakale, kapena lingagamule kuti palibe wilo. Njira zonse ziwiri zimadya cuma pa milandu.

Wilo yatsopano ikhale ndi tsiku, mwezi ndi caka zolembedwa momveka. Pakapezeka mawilo awiri otsutsana, yomaliza ndiyo imapambana, ndipo tsiku ndilo limaonetsa yomaliza.

Wilo imene yafafanizidwa siiuka yokha. Munthu amene analemba wilo yaciwiri yofafaniza yoyamba, kenaka n'kusintha maganizo ndi kung'amba yaciwiriyo, sabwerera ku yoyamba. Amakhala wopanda wilo. Kuti yoyamba igwirenso nchito, ayenera kuisainanso pamaso pa mboni ziwiri, kapena kulemba kodisilo yonena poyera kuti akuiukitsa, malinga ngati pepala lake likalipo.

Kumene wilo yasungidwa nakonso kuli ndi zotsatira pa lamulo. Ngati wilo inali m'manja mwa mwini wake ndipo siikupezeka iye atamwalira, khoti limayamba ndi ganizo lakuti anaiononga yekha pofuna kuifafaniza. Amene akunena kuti inabedwa kapena inatayika ndiye ayenera kubweretsa umboni. Pa cifukwa cimeneci ndi bwino kusunga pepala lenileni kwa loya, ku banki kapena kwa munthu wodalirika amene alibe gawo pa cumaco, osati m'sutikesi imene aliyense angatsegule pa nthawi ya maliro.

Anthu a m'malire, monga a ku Pembamoyo kumene Malawi ndi Mozambique zili pafupi, asamalenso ndi mau ofafaniza mawilo onse. Amene ali ndi nyumba kapena sitolo ku Malawi ndipo analemba wilo yapadera ya cuma ca kumeneko, angaifafanize mosadziwa polemba wilo yatsopano ku Zambia. Wotere anene momveka kuti akufafaniza mawilo okhudza cuma ca mu Zambia cokha.

Nkhalamba ndi odwala

Kusintha wilo kumafuna nzeru zofanana ndi zimene zinafunika poilemba. Mwini wake ayenera kudziwa cimene akusaina, kukula kwa cuma cake, ndi anthu amene ayenera kuwaganizira. Munthu amene wasokonezeka mutu cifukwa ca ukalamba, matenda kapena mowa sangafafanize wilo ngakhale ataing'amba ndi manja ake, ndipo kodisilo imene wasaina pa nthawi yotere ingakanidwe.

Makodisilo amene amatsutsidwa kwambiri ndi olembedwa m'masiku omaliza a moyo, makamaka akakomera munthu amene ankasamalira wodwalayo. Zizindikiro zimene zimadzutsa mafunso ndi monga kuti wolandirayo ndiye analemba kalatayo, ndiye anaitana mboni, ndiponso analipo m'cipinda pamene inkasainidwa. Wodwala amene akufunadi kusintha wilo angateteze cifuniro cake popempha wolandirayo kuti atuluke, ndi popempha dokotala kapena sing'anga wa pa cipatala kuti alembe kuti pa tsikulo nzeru zake zinali bwino.

Lamulo silikakamiza munthu kupita kwa loya kuti alembe kodisilo kapena wilo yatsopano. Kalata yolembedwa pamanja ili ndi mphamvu malinga ngati yasainidwa mwa dongosolo. Komabe pamene pali nyumba ya taitolo, mitala, ana a mabanja osiyana kapena cuma ca kunja kwa dziko, uphungu wa katswiri wa malamulo umapulumutsa zambiri, ndipo amene alibe ndalama za loya angafunse ku ofesi ya Legal Aid Board ku Chipata. Mwini wilo akamwalira, woyendetsa cuma ayenera kupereka wilo pamodzi ndi makodisilo ake onse ku Khoti Lalikulu, limene limapereka cilolezo cogawa cumaco, ndipo pepala lililonse limene latsala m'sutikesi silidzawerengedwa pa cigamuloco.